Mkombero Unali Utasuntha

Chaka chimene mwana wanga ankamera mano ndi chaka chomwenso ndinatsala pang'ono kubwereza kosi ya masamu. Ndili ndi satifiketi ya uphunzitsi wa kupulayimale, koma chifukwa cha kuchepa kwa aphunzitsi anandiika pa sekondale yoyendera ya kufupi ndi Benga kuti ndiziphunzitsa masamu Fomu 1 ndi Fomu 2. Ntchitoyo ndinkaigwira ngati chovala chobwereka. Pofuna kuti ikhale yangayanga ndinalembetsa maphunziro a digiri ophunzirira kunyumba. Patchuthi tinkapita kuyunivesite milungu yochepa, n'kubwerako ndi mamoju, mabuku a kosi owerenga pawekha, ndipo zotsalazo munthu unkadzionera wekha.

M'chaka chachitatu tinakumana ndi kosi ya manambala a kompulekisi, aja okhala ndi i, nambala imene ukaichulukitsa ndi iyo yomwe imakupatsa −1. Tesiti yoyamba ndinalephera. Anthu ndinkawauza kuti sabata imeneyo mwana anatentha thupi, ndipo n'zoona anatenthadi, koma pano ndinene zoona zonse: ngakhale akanakhala bwinobwino ndikanalepherabe, chifukwa zinthuzo sindinkazimva. Lamulo linali lakuti amene malikisi ake a m'kati mwa semesita sanakwane saloledwa kulemba mayeso omaliza, amadikira chaka chamawa. Kwa ine kunatsala asainimenti imodzi yokha. Inali ndi mafunso atatu, ndipo lachitatu linanyamula theka la malikisi. Nditawerengera ndinaona kuti ndikaphonya limeneli, ngakhale awiri enawo ndikhoze, sindifika.

Chaka china chowonjezera chinkatanthauza tchuthi china chosiya mwana m'manja mwa apongozi anga. Iwo sanadandaulepo. Ankangofunsa mwaulemu, akumuyika kumbuyo, kuti kodi sukulu yathuyi ithera pati, ndipo funso limenelo linkandiwawa kuposa kudandaula.

Ophunzira a kosiyi m'dera lathu tinalipo atatu, ndipo tinkakumana Loweruka lililonse paboma, m'kalasi ya pulayimale imene ahedi ake anatibwereka kiyi. Panali abambo ena ochokera ku Dwangwa, wachiwiri kwa hedi pasukulu yawo, amene anayamba kuphunzitsa masamu ine ndikuphunzira kuwerenga. Chichewa chawo chinkamveka chakumpoto pang'ono, ndipo akaimirira pabolodi unkangomva kuti ndiwe mwana wa sukulu. Panalinso achemwali ena a ku Bua, aakulu kwa ine ndi zaka zochepa, oseka msanga, amene ankabwera ndi chinangwa chophika m'kontena n'kumatigawira tikatopa. Ine ndinali wamng'ono pa onse, komanso ndi ine ndekha amene ndinachokera kupulayimale. Zimenezi palibe anandikumbutsapo. Ndinkadzikumbutsa ndekha.

Funso lachitatu linali lalifupi. Linati tipeze intigro, ndiko kuti chiphatikizo cha tizidutswa tonse ta m'njira, ya z/((z − 1)(z − 3)) mozungulira mkombero wa |z − 3| = 1, kuyenda motsutsana ndi mivi ya wotchi, pogwiritsa ntchito fomula imene ili m'chigawo chachinayi cha moju.

Fomulayo ndinali nditailoweza ngati vesi. Imati ukakhala ndi fankishoni f yopanda vuto paliponse m'kati mwa mzere wotsekeka ndi pamzere pomwepo, imene alekichara ankaitcha analitiki, ndipo a ndi nambala yokhala m'kati mwa mzerewo, intigro ya f(z)/(z − a) mozungulira mzerewo ndi 2πi kuchulukitsa ndi f(a). Ndiye kuti suvutika n'kuyenda mkombero wonse. Umangopeza nambala imene ikupangitsa zapansi kukhala ziro, uone ngati ili m'kati, zotsalazo uzitche f, ulowetsemo nambalayo, uchulukitse ndi 2πi. Tili kuyunivesite alekichara ananena kangapo kuti tisanagwire fomula tiziyamba tajambula. Ambiri tinkaona ngati n'zachibwana. Munthu wamkulu, wophunzitsa ana a eni, kumajambula timikombero.

Ndinaligwira funsoli Lachinayi masana nditaweruka, pakhonde, mwana ali mtulo pamphasa pafupi nane. Kampasi yanga ndinali nditaisiya kusukulu, choncho ndinatenga chivindikiro cha botolo la mafuta ake odzola. Ndinalemba mzere, n'kuikapo 0, 1, 2, 3, 4, mipata yake yofanana ndi theka la chivindikirocho. |z − 3| = 1 ndi manambala onse otalikirana ndi 3 mtunda wa 1, ndiye pakati pa chivindikiro ndinaika pa 3 n'kuzunguliza pensulo. Mkomberowo unayambira pa 2 n'kulekezera pa 4. Zapansi zimakhala ziro pa 1 ndi pa 3. Nambala 3 inali pakatikati penipeni, pamene 1 inali panja, patali ndithu, yosakhudza n'komwe mkomberowo.

Kuchokera apo zinangoyenda zokha. Popeza a ndi 3, chotsala ndi f(z) = z/(z − 1), ndipo f imeneyi vuto lake lili pa 1 pokha, kunja kwa mkombero, choncho m'kati monse ili bwino. f(3) ndi 3/2. Kuchulukitsa ndi 2πi kunandipatsa 3πi. Ndinayang'ana yankholo nthawi yaitali. Linabwera mosavuta kwambiri, ndipo ine chinthu chikabwera mosavuta ndimayamba kuchiopa. Ndine munthu uja amene amatseka chitseko, n'kufika pamsewu, n'kubwerera kukagwedeza loko. Mwana akagona phee ndimaika chala pamphuno pake. Masamu nawonso ndimawatero.

Loweruka abambo a ku Dwangwa anafika ali ndi nkhope ya munthu amene wabweretsa ndiwo. M'chikwama mwawo anatulutsa mapepala afotokope, mayankho a asainimenti ya chaka chatha, amene mnzawo wina amene anadutsa kale kosiyi anawapatsa. Pakati pa ife ophunzira kunyumba mapepala oterewa amayenda dzanja ndi dzanja, ndipo amalemekezedwa kuposa moju weniweniyo, chifukwa amakhala ndi tiki yofiira ya alekichara. Anali atafotokopedwa kambirimbiri moti manambala ena ankaoneka ngati nyerere zophwanyika. Funso lachitatu linalipo, fankishoni yake yomweyo, z/((z − 1)(z − 3)). Yankho pansi pake linali −πi, ndi tiki yaikulu pambali.

Achemwali a ku Bua anaomba m'manja n'kunena kuti alekichara athuwa ndi aulesi ngati ife tomwe, sasintha n'komwe mafunso. Abambowo anapita pabolodi n'kukopera njira yonse: a ndi 1, f(z) = z/(z − 3), f(1) ndi −1/2, kuchulukitsa ndi 2πi, yankho −πi. Ankalemba mokongola, mizere yowongoka, ngati anthu akale. Panalibe cholakwa m'kuwerengera kwawo.  Pepala lija litafika kwa ine ndinayang'ana pansi pa chizindikiro cha intigro, pamene pamalembedwa mkombero. Panali pothimbirira, koma ndinatha kuwerenga |z| = 2. Mkombero wa chaka chatha pakati pake panali pa 0, unkayambira pa −2 kufika pa 2, ndipo mmenemo 1 ndiye anali m'kati, 3 panja. Chaka chino alekichara anasiya fankishoni momwe inalili, n'kusuntha mkombero wokha.

Ndinaziona zimenezi bwinobwino. Ndikufuna zimveke kuti ndinaziona, chifukwa pambuyo pake ndinayesa kudziuza kuti sindinali wotsimikiza. Koma kuuza munthu wamkulu ngati ameneyo, ali chiimire pabolodi ndi choko m'manja, kuti walakwitsa, pakamwa panga sipanazolowere. Kwathu mawu otero umawazunguliza mpaka asanduke funso. Ndinakweza dzanja pang'ono ngati mwana wa Fomu 1.

"Bambo, pepani, mwina ndine amene sindikumva. Kodi mkomberowu ndi womwewo?"

"Madamu, fankishoni ndi yomweyo," anatero, osatembenuka n'komwe. "Tiki mukuiona iyo. Kapena mukufuna kuchonga alekichara?"

Achemwali a ku Bua anaseka, osati mwachipongwe, n'kundikankha ndi chigongono. "Aphunzi, inu mumadandaula ngakhale mvula ikugwa bwino. Lembani tizipita, minibasi zitisiya."

Nanenso ndinaseka. Ndinatsegula kope langa, n'kuphimba ndi dzanja tsamba limene panali mkombero wanga wa chivindikiro, ndipo patsamba linalo ndinakopera −πi mwaukhondo. Kenako tinadya chinangwa, n'kukambirana funso lachiwiri, limene abambowo anandithandiza kwambiri, chifukwa pamenepo ndinali nditasocheradi.

M'minibasi yobwerera ku Benga ndinakhala pafupi ndi zenera, thumba la mpunga la munthu wina likundipsinja mawondo, ndikudzitsutsa ndekha. Iwo aphunzitsa zaka zambiri. Tesiti yoyamba anakhoza, ine ndinalephera. Pepala lawo lili ndi tiki, langa lili ndi mkombero wonunkha mafuta a mwana. Mwina pali lamulo lina limene sindinaliwerenge, lonena kuti umatenga nambala yaing'ono, kapena yoyamba kulembedwa. Pofika kunyumba ndinali nditatsala pang'ono kukhulupirira kuti lamulo lotero lilipo.

Masiku otsatirawo ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndimachita nacho manyazi. Ndinalemba tsamba lomaliza la asainimenti kawiri. Lina linathera pa −πi, lina pa 3πi. Onse awiri ndinawalemba ndi bolopeni yabwino, n'kuwasunga m'moju. Bambo a mwana, amene amagwira ntchito ya ulangizi wa zaulimi ndipo masamu anawasiyira ku Fomu 4, anawaona patebulo n'kufunsa ngati alekichara amalola munthu kupereka mayankho awiri kuti asankhepo okha. Nditawafotokozera anangoti iwo mlimi akawauza kuti munda wake ndi womwewo wa chaka chatha, amapitabe kukaona malire. Ndinawayankha mokwiya kuti masamu si munda, iwo n'kunyamula mwana kupita naye panja.

Lachitatu ndinali ndi mapiriyodi awiri opanda kalasi. Ndinakhala mu stafu rumu ndekha n'kuganiza zoliyesa funsolo njira ina, yosadalira kusankha kwanga kwa f. Ndinaligawa m'zidutswa ziwiri monga timachitira ndi mafulakishoni: z/((z − 1)(z − 3)) ndi chimodzimodzi (−1/2)/(z − 1) kuphatikiza (3/2)/(z − 3). Ndinaphatikizanso ziwirizo kuti ndione ngati zikubwerera pa chiyambi, ndipo zinabwerera. Chidutswa choyamba vuto lake lili pa 1, kunja kwa mkombero, ndipo moju umanena momveka kuti fankishoni yopanda vuto m'kati monse ndi pamzere intigro yake mozungulira ndi ziro. Chachiwiri ndinachiyenda ndi mapazi, osadalira fomula. Nambala iliyonse ya pamkombero ndi z = 3 + e^(it), t kuchokera pa 0 kufika pa 2π. Ndiye dz ndi i·e^(it) dt, ndipo z − 3 ndi e^(it), ziwirizi zikagawana pamatsala i dt basi. Kuchokera pa 0 kufika pa 2π zimapereka 2πi. Kuchulukitsa ndi 3/2 uja, 3πi.

Njira ziwiri zosiyana zinandifikitsa pakhomo limodzi. Sindinganene kuti mantha anatha, chifukwa anga satha, koma anakhala pansi. Ndinatenga foni kuti ndilembe pagulu lathu la atatu. Ndinalemba uthenga, n'kuufufuta. Ndinalembanso wina wautali wodzaza ndi mapepani, n'kuufufutanso. Ndinkaona nkhope ya abambo aja akuwerenga kuti kamtsikana ka kupulayimale kakuwakonza pamaso pa munthu wina. Belu linalira, ndinaika foni m'chikwama n'kupita kukaphunzitsa Fomu 2, ndikudziuza kuti ndidzawauza pamaso Lachisanu.

Asainimenti tinkapereka paboma, ku kaofesi kamene yunivesite inaikako munthu wolandira maenivelopu, ndipo tsiku lomaliza linali Lachisanu, isanakwane thwelofu. Ndinapempha chilolezo kwa ahedi n'kunyamuka m'mawa, mwana ndili naye kumbuyo chifukwa apongozi anapita kumaliro. Masamba awiri aja onse anali m'chikwama. Inde, ngakhale pambuyo pa Lachitatu, ndinanyamula onse.

Abambo a ku Dwangwa ndinawapeza atakhala pabenchi ya pakhonde la ofesiyo, akulemba nambala yawo pa enivelopu. Anali asanamate. Tinapatsana moni, anafunsa za mwana, anamugwira tsaya n'kunena kuti wanenepa. Ndinakhala kumapeto kwa benchi. Pakanakhala anthu ena sindikudziwa ngati ndikanayankhula, koma tinali awiri, ndipo panalibe bolodi. Ndinang'amba pepala m'kope n'kulemba mizere iwiri yokha: mtunda wa 1 kuchokera pa 3 ndi 2, woposa 1; mtunda wa 3 kuchokera pa 3 ndi 0, wochepera 1. Pansi pake ndinajambula mikombero iwiri ndi dzanja, wa chaka chatha ndi wa chaka chino, yopotoka ngati mazira.

"Bambo, musanamate, tandionereni ichi. Mkombero wa chaka chino pakati pake ndi pa 3. Wani ali panja."

Nthawi imeneyi sindinanene kuti mwina ndine amene sindikumva. Anatenga pepalalo, anavala magalasi, anatulutsa pepala la mafunso, kenako fotokope ija, n'kuziika pamodzi pabondo. Anayang'ana uku, anayang'ana uku. Ine ndinayamba kugwedeza mwana amene sankalira n'komwe.

"Mwaziona liti izi?"

Ndikanatha kunama. Koma ndinanena zoona, kuti ndinaziona Loweruka, ndiponso kuti ndinali nditajambula kale Lachinayi.

"Ndiye Loweruka lija munkafunsa funso mukudziwa yankho." Anavula magalasi n'kupukuta m'maso. "Ine ana anga ndimawakalipira tsiku ndi tsiku kuti werengani funso, musaloweze yankho. Taonani lero. Muli ndi pepala lina loyera?"

Ndinawapatsa. Analemba tsamba lawo lomaliza pabondo, enivelopu ikuchita ngati tebulo, ndipo sanakopere langa. Anajambula mkombero wawo, anapeza okha f(3), n'kufika pa 3πi. Ali m'kati molemba anang'ung'udza kuti ndiye mkombero ukanakhala |z| = 4 onse awiri akanalowa, tikanaphatikiza −πi ndi 3πi n'kupeza 2πi, ndipo chaka chamawa alekichara adzachita zomwezo kuti akole ena. Zimenezi ine ndinali ndisanaziganize. Ndinatulutsa tsamba langa la 3πi n'kuliika mu enivelopu. Linalo ndinalipinda kanayi n'kulibweza m'chikwama.

Titalowa mu ofesi, abambowo anafunsa wolandira maenivelopu ngati mayi wa ku Bua wafika kale. Anatsegula buku lake n'kutiuza kuti anabweretsa Lachinayi, ndipo maenivelopu a tsiku limenelo anapita kale ndi galimoto. Tinawaimbira foni tili pomwepo. Anayankha ali m'kalasi, ana akusokosera kumbuyo. Abambowo ndi amene anafotokoza, ndipo mlandu wonse anadziika okha, kuti ndi iwo anabweretsa fotokope. Za Lachitatu, za uthenga umene ndinalemba kawiri n'kufufuta, sanazidziwe, ndipo ine sindinazitchule. Achemwaliwo anangoti basi, zachitika, tidzaona.

Maenivelopu anabwerako patatha milungu itatu. Yanga ndinaitsegulira panja pa ofesi, nditatsamira khoma. Funso loyamba ndinataya malikisi awiri, lachiwiri ndinataya angapo, lachitatu ndinapeza onse. Pambali pa mkombero wanga alekichara anangoika tiki yaing'ono. Malikisi anga anakwana, anapitirira pang'ono pokha, ndipo dzina langa linatuluka pa mndandanda wa ololedwa kulemba mayeso. La abambo a ku Dwangwa linaliponso. La achemwali a ku Bua panalibe. Nawonso tesiti yoyamba sinawayendere bwino, zimene sanatiuzepo chifukwa chilichonse ankachisandutsa nthabwala, ndipo funso lachitatu ndi limene likanawaolotsa.

Ndinapita kwawo Loweruka lotsatira, ndinatsika pa mlatho wa Bua n'kuyenda wapansi. Ndinawapeza akuanika mpunga pabwalo. Ndinawauza zonse, kuyambira pa chivindikiro mpaka pa uthenga wofufutidwa. Anamvetsera akupalasa mpungawo ndi phazi. Nditamaliza anati akanakonda ndikanatumiza uthengawo, ngakhale wodzaza ndi mapepani, chifukwa Lachitatu madzulo enivelopu yawo inali isanamatidwe. Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndinawalemekeza chifukwa chosanena. Kenako anandifunsa ngati ndabwera ndi moju. Ndinali nawo. Tinakhala pamthunzi wa mango, anatenga kamtengo, n'kundiuza kuti ndiwaonetse pansi pomwepo mmene mkomberowo unasunthira, popeza chaka chamawa adzakhala okha m'kalasi ija.

Mayeso omaliza ndinalemba mwezi wotsatira, ndipo ndinakhoza mokwanira kupita chaka chachinayi. Apongozi nditawauza kuti kwatsala chaka chimodzi, osati ziwiri, anangogwedeza mutu n'kundipatsa mwana, amene anali atayamba kale kundikoka nsalu kuti ayamwe.